Mukasaina, mutasaina, mukadasaina: momwe mneni amafewetsera pempho kwa akuluakulu

Achinyamata ambiri amene angoyamba kumene ntchito amadabwa ndi chinthu chimodzi. Munthu apempha kanthu kwa bwana wake, aika "chonde" koyambirira ndi "zikomo" kumapeto, koma yankho libwera louma, mwinanso osabwera n'komwe. Mnzake apempha chinthu chomwecho, wopanda ngakhale "chonde", bwana n'kuvomera nthawi yomweyo. Woyamba uja amayamba kuganiza kuti pali kukondera. Nthawi zina kukonderako kumakhalapodi, koma kawirikawiri chimene chalakwika chimakhala m'kati mwa mneni. M'Chichewa ulemu wambiri sukhala m'mawu oima paokha. Umabisala m'timaphatikizo monga -ko, -nga-, -ka-, -ta- ndi -kada-, timene timalowa m'mneni n'kusintha kulemera kwa chiganizo chonse.

Tonse timatigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osaganizira, ndipo pocheza pamaso sitimalakwitsa kawirikawiri. Mavuto amayamba pamene tachita mantha, pamene tikufulumira, ndiponso pamene tikulemba m'malo molankhula.

Pempho limasiyana pati ndi lamulo

Lamulo silisiyira womva mpata wokana. Pempho limausiya. Kufewetsa pempho ndi kukulitsa mpata umenewo, kuti wamkuluyo akafuna kukana akane popanda kuoneka wankhanza, ndipo akavomera aoneke kuti wachita mwa kufuna kwake, osati wakankhidwa ndi wamng'ono.

Taganizirani munthu wofika pakhomo pa eni. Wina amangokankha chitseko n'kulowa. Wina amaima pakhonde n'kunena kuti "odi". Wina amaodira ali pabwalo, ndipo wina amaodira ali kutali kumsewu moti a m'nyumba samumva n'komwe. Mitundu ya aneni imene tikambe pano ili ngati malo oimapo amenewa. Kuyandikira kwambiri n'chipongwe, koma kuima patali kwambiri nakonso sikuthandiza, chifukwa ubwerera osathandizidwa.

Akatswiri awiri a zinenero, Penelope Brown ndi Stephen Levinson, m'buku lawo la mu 1987 lonena za ulemu polankhula, adati kukula kwa ulemu umene munthu amaika pa pempho kumadalira zinthu zitatu: mphamvu zimene wopemphedwayo ali nazo pa iwe, kutalikirana kwanu pa chizolowezi, ndi kulemera kwa chinthu chimene ukupempha. Wa ku Mayani kapena ku Nsipe safunika buku kuti adziwe zimenezi. Kubwereka cholembera kwa ahedi amene wagwira nawo ntchito zaka zambiri si chimodzimodzi ndi kupempha malo a dimba kwa agulupu amene sunakhalepo nawo pansi.

Inu, -ni ndi a-

Apa sitichedwapo, chifukwa mwana aliyense amaphunzira zimenezi asanayambe sukulu. Munthu wamkulu, ngakhale ali yekha, timamutenga ngati anthu ambiri: "inu" osati "iwe", "bwerani" osati "bwera", "mwadzuka bwanji" osati "wadzuka bwanji". Dzina lake timaliyamba ndi a-, monga abambo, a Phiri, a Nangozo, ndipo m'midzi yambiri ya ku Dedza mudzamva o- m'malo mwake: obambo, omayi.

Si zinenero zonse zachibale zimene zimatero. M'Chiswahili munthu amalankhula kwa agogo ake ndi mlowam'malo wa munthu mmodzi, ulemu n'kuusonyeza ndi mawu ena. Chizulu, chimene ndi chachibale ndi chinenero chomwe Angoni a Maseko adabwera nacho m'zaka za m'ma 1800, chimatchula ngakhale mfumu yaikulu ndi "wena", kutanthauza iwe, kenako n'kuikweza ndi mayina aulemu. Zidzukulu zawo za ku Ntcheu lero zimalankhula Chichewa ndipo zimati "inu", koma "Bayete" adatsala, ndipo mudzamumva pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani.

Chofunika kudziwa n'chakuti -ni payekha safewetsa pempho. "Sainani apa" ndi lamulo ndithu, lolemekeza munthuyo koma losamusiyira mpata. Ndi mawu amene kalaliki wa kubanki amauza kasitomala. Kuikapo "chonde" sikulisandutsa pempho. "Chonde sainani" amamveka ngati mawu a munthu amene watopa ndi kudikira, kapena ngati chikwangwani cha pakhoma.

Mneni wothera ndi -e, ndi kaphatikizo -ko

Sitepe yoyamba yeniyeni ndi kuchoka pa "sainani" kupita pa "musaine" kapena "mundisainire". Mneni wothera ndi -e amanena za chinthu chimene wolankhula akuchilakalaka, osati chimene chachitika. Ndi kanenedwe kakale ndiponso kolemekezeka. M'Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka lathunthu mu 1922, pemphero la Ambuye limapempha motero: mutipatse, mutikhululukire. Koma kuntchito "mundisainire" ali yekha amakhalabe pafupi ndi chitseko. Bwana naye amagwiritsa ntchito kanenedwe komweko potuma: "Mubwere m'mawa." N'chifukwa chake ambiri amawonjezera -ko.

Kaphatikizo -ko kadachokera ku mawu osonyeza malo, monga mu "ndinapitako". Kuchokera pamenepo kadayamba kutanthauzanso gawo chabe la chinthu: "idyaniko", "ndigawireniko mchere". Ukati "mundithandizeko" ndiye kuti ukuchepetsa chimene ukupempha, ngati ukunena kuti sindikufuna mphamvu zanu zonse, pang'ono pokha.

Mphamvu ya -ko ndi yomweyo imene imabweretsa vuto lake. Mnyamata wagwira ganyu yokumba mbatatesi ku Tsangano, ntchito yatha, ndipo mtengo adagwirizana kale. Akati "mundipatseko ndalama", wachita zinthu ziwiri zimene sanafune. Wasandutsa malipiro ake kukhala ngati chithandizo, komanso watsegula njira yoti apatsidwe theka. Mwini munda akamupatsa pang'ono n'kunena kuti "zina mawa", sanaphwanye chilichonse m'chiganizocho. Pa chinthu chimene ndi chako kale, ulemu uyenera kufunidwa kwina: "Abambo, ntchito ija ndamaliza, ndimati ndilandire ndalama zija tinapangana." Palibe chipongwe pamenepo, ndipo palibenso chimene chachepetsedwa.

Pali timaphatikizo tina tiwiri tofunika kusamala nato. "Tandisainirani" ndi mawu a anthu ozolowerana. Amatha kukoma pakati pa mwana ndi amayi ake, koma kwa bwana wachilendo amamveka ngati ukumufulumizitsa. Ndipo -zi-, monga mu "muzindiuza msanga", ndi wolangiza. Amatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, sakwera.

Kufunsa ndi -nga-

Phatikizo -nga- limanena za kutheka kwa chinthu. "Mungandisainireko?" si lamulo ngakhale pang'ono, ndi funso. Ukufunsa ngati zingatheke, ndipo wamkuluyo akakana amakhala kuti wayankha funso chabe: "Lero sizitheka, chidindo chili ndi achiwiri anga." Palibe amene wachita manyazi. Pa zopempha zambiri za tsiku ndi tsiku kuofesi, kusukulu ndi kutchalitchi, apa ndi pamalo pabwino kuimapo.

Komabe -nga- ali ndi ntchito inanso, yochenjeza. Mayi akauza mwana kuti "tsika, ungagwe", sakumupempha kuti agwe. Choncho wokumbutsa bwana kuti "ndabweretsa fomu ija, mungaiwale" wamuuza kuti ndi woiwalaiwala. Nalonso funso lokana, "Simungandisainireko?", lili ndi nkhope ziwiri. Likanenedwa motsitsa mawu ndi kudandaulira, koma likanenedwa mokweza limatanthauza kuti kanthu kakang'ono ngati aka mukulephereranji.

Atatu osokoneza: -ka-, -ta- ndi -kada-

Apa ndi pamene pagona nkhani. Maphatikizo atatuwa onse amamangirira chinthu china pa chinzake, koma amasiyana pa chikhulupiriro chimene wolankhula ali nacho kuti chinthucho chichitika.

Tiyambe ndi -ka-. Mlimi akati "mvula ikagwa tidzala", sakukayika kuti mvula igwa. Akungodikira tsiku. Ndiye ukauza ahedi kuti "mukasaina mundiuze", wawagamulira kale kuti asaina, ndipo wawapatsanso ntchito yachiwiri yodzakuuza. Ambiri amaganiza kuti chiganizo chimenechi n'chaulemu chifukwa mulibe mawu okalipa, koma wamkulu amachimva ngati kutumidwa. Njira yake ndi kuika -ka- pa chinthu chimene sichikukakamiza munthu, monga nthawi kapena mpata, osati pa chopemphacho: "Mukapeza mpata, mundisainireko fomu ija." Tsopano chimene watsimikiza n'chakuti mpata udzapezeka, ndipo wasiyira iwo kusankha nthawi.

Palinso -ka- wina wotanthauza kupita kukachita chinthu kwina. "Mukandisainira" ndi "mukandisainire" amasiyana ndi lemba limodzi lokha, koma wachiwiriyo akutuma bwana kuti anyamuke apite akasaine. Ngakhale "mukandisainira" yemweyo, malinga ndi momwe wakwezera kapena kutsitsira mawu, amatha kutanthauza kuti mupita kukandisainira, ngati kuti nkhaniyo idatha kale. Pakamwa khutu limasiyanitsa. Papepala kusiyanako sikuoneka, chifukwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, kuyambira amene bungwe loona za Chichewa lidatulutsa mu 1973 mpaka okonzedwanso a mu 1990, salemba zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa mawu.

Wachiwiri ndi -ta-. "Mutandisainira lero, ndingathokoze kwambiri." Apa sukunena kuti asaina. Ukungoyerekeza dziko limene asaina, n'kunena chimene chingatsatire. N'chifukwa chake -ta- amayenda ndi -nga- m'mbali yachiwiri ya chiganizo: mutandilola, ndingapite, patapezeka galimoto, tinganyamuke. Mwa atatuwa, uyu ndi amene amagwira bwino ntchito yofewetsa, chifukwa sakakamiza ndiponso sadandaula. Chongofunika ndi kumaliza chiganizo, popeza -ta- amanenanso za zinthu zakale: "Mutandisainira ndinapita ku boma." Mbali yachiwiri ndi imene imauza womva ngati ukupempha kapena ukusimba zomwe zidachitika. Ndipo mbali yachiwiriyo isakhale malonda. "Mutandilola, ndingadzagwire Loweruka" ndi pempho labwino lokhala ndi chobwezera. "Mutandilola, zinthu zingayende bwino pano" wayamba kuopseza.

Mawu akuti "ngati" amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi ali panja pa mneni: ngati n'kotheka, ngati mungalole. Ena amati "kutakhala kotheka", zomwe zimachotseratu munthu m'chiganizo, kuti kukana kukabwera kukhale kwa zinthu, osati kwa bwana.

Wachitatu, -kada-, ndi wofewa kuposa onse komanso woopsa kuposa onse. Ntchito yake yeniyeni ndi kunena za chinthu chimene sichidachitike. "Mvula ikadagwa, bwenzi titadzala" akutanthauza kuti mvula sidagwe. Ukamuika pa iwe mwini, amatsitsa chifuniro chako mpaka pansi: "Ndikadakonda mutandilola kupita." Ukunena ngati kuti ukudziwa kale kuti mwina sizitheka, ndipo sudzakwiya. Chimodzimodzi "zikadakhala bwino mutabwera". Koma ukamuika pa wamkuluyo, makamaka pamodzi ndi mawu a nthawi yapita, amasanduka chidzudzulo. "Mukadandisainira dzulo, bwenzi nditapita kale" mulibe pempho. Ndi mlandu. Owerenga Baibulo akumbukira Marita, pa Yohane 11, akuuza Yesu kuti akadakhalapo mlongo wake sakadafa. Ndi mawu aulemu, a munthu wachisoni, koma aliyense amamva kudandaula kumene kuli m'kati mwake.

Pali anthu, makamaka achikulire, amene amapemphadi ndi "mukadandithandizako", akutsitsa mawu ndi kusiya chiganizo chili lende. Pamaso zimamveka bwino, chifukwa nkhope ndi manja zimathandiza. Polemba, wowerenga sangadziwe ngati akupemphedwa za mawa kapena akudzudzulidwa za dzulo.

Za -kada- ndi -kana-, musavutike nazo. "Ndikadakonda" ndi "ndikanakonda" ndi chinthu chimodzi, monga "ndidapita" ndi "ndinapita" amasinthanirana pakamwa pa anthu ambiri. Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, kalankhulidwe ka m'chigawo chapakati ndi kamene kadatengedwa ngati muyeso, ndipo mabuku a sukulu adakonda -da-. Pa ulemu palibe woposa mnzake.

Kubweza chifuniro m'mbuyo: "ndimati", "ndimafuna"

Munthu waima pamaso pa bwana pakali pano, koma akuti "ndimafuna ndikuoneni", ngati kuti kufunako kudali kwa m'mawa. Imeneyi si ngozi ya lilime. "Ndikufuna" amaika chifuniro chako patebulo chili chamoto, ndipo kwa wamkulu amamveka ngati mawu a mwana wolirira chinthu. "Ndimafuna" kapena "ndimati" amachikankhira m'mbuyo pang'ono, kusonyeza kuti linali ganizo chabe limene ungathe kulisiya. "Ndimati ndipemphe", "ndimati ndifunse nawo", "ndimati mwina mungandithandize". Awa ndiwo mawu otsegulira nkhani, ndipo amapatsa wamkulu mwayi wonena kuti "nenani" kapena "mubwere nthawi ina" usanatulutse n'komwe chopemphacho.

Nkhani imodzi, kuyambira pakhomo mpaka yankho

Tiyerekeze mphunzitsi wamkazi wa Sitandade 8 pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Bembeke. Amayi ake atumizidwa kuchipatala ku Lilongwe, ndipo iye ndiye woti awaperekeze. Akufunika masiku atatu, Lachitatu mpaka Lachisanu. Mayeso ayandikira, choncho akudziwa kuti pempho lake n'lolemera. Ahedi ndi bambo wachikulire amene si mnzake wocheza naye.

Atapanikizika angathe kunena kuti: "Ahedi, chonde ndikufuna masiku atatu. Mukavomera mundiuze lero." Chilichonse m'mawuwa n'choona, koma "ndikufuna" wafika mwamphamvu, "mukavomera" wagamula kale, ndipo "mundiuze lero" waika malire a nthawi kwa munthu amene amaika malire kwa ena.

Mantha angathenso kumukokera mbali inayo: "Pepani ahedi, kaya, ndimati mwina kukadakhala kotheka, kunyumba kuli kavuto pang'ono, ndiye mwina penapake mukadandiganizirako." Ahedi amva ulemu wochuluka, koma sakudziwa chimene apemphedwa. Ndi ndalama? Ndi tchuthi? Cha liti? Ayankha kuti "tiona", ndipo sadalakwe. Uyu ndi woodira ali kumsewu uja.

Pempho loyenda bwino limakhala ndi dongosolo lake. Aodira, alowa, apereka moni ndi kudikira kuti moniwo ubwezedwe. Kenako atsegula: "Pepani ahedi, ndimati ndikuoneniko pa kankhani kena." Ahedi akati "nenani, aphunzitsi", afotokoza chifukwa mosabisa ndiponso ndi aneni wamba: "Amayi anga awatumiza kuchipatala ku Lilongwe, ndipo akufunika kukafika Lachitatu m'mawa. Woti awaperekeze ndine." Pamenepo ndiye pabwere pempho: "Ndimati ndipemphe, ngati n'kotheka, mundiloleko ndichokepo masiku atatu, Lachitatu mpaka Lachisanu." Ndipo atseka ndi chimene wakonza: "Ntchito ya ana ndalemba kale, ndipo a Sitandade 7 avomera kundigwirira masamu. Mutandilola, Lolemba ndingadzapitirize pomwe ndasiyira."

Taonani pamene pali kufewa ndi pamene palibe. Maphatikizo onse aulemu aunjikana pa mneni mmodzi, wa kulola, chifukwa ndi yekhayo amene akukhudza mphamvu za ahedi. Masiku, chiwerengero chake, chifukwa chake ndi dzina la kalasi zanenedwa mosapita m'mbali. Kulakwitsa kofala ndi kufewetsa zinthu zolakwika: kunena kuti "timasiku pang'ono" pamene ukudziwa kuti ndi atatu, kapena "kandalama" pamene ukufuna K50,000. Wamkulu akavomera timasiku pang'ono, iye akuganiza limodzi, iwe ukuganiza atatu, ndipo mkangano udzabuka Lachinayi.

Taonaninso kuti wasankha "ndichokepo", mneni wonena za iye mwini. Kusuntha mwininkhani kuchoka pa "mu-" kupita pa "ndi-" ndi njira ina yochepetsera katundu pa wopemphedwa. "Ndingatengeko kiyi?" ndi wopepuka kuposa "mungandipatseko kiyi?", ngakhale kiyiyo ndi yomweyo.

Yankho nalo limafuna khutu. "Pitani, muwapereke moni amayi" ndi chilolezo chomveka. "Ndamva" akutanthauza kuti amva basi. "Tiona" kapena "mubwerenso mawa" akhoza kukhala kuti akufunadi kuganiza, kapena akukana mofewa, pogwiritsa ntchito mpata womwe uja udawasiyira. Posiyanitsa, ona ngati afunsa za tsatanetsatane. Amene wafunsa kuti "ndiye ana a masamu atsala ndi ndani?" ali panjira yovomera. Amene wasintha nkhani mwina wakana. Pokumbutsa mawa lake, peweni "mungaiwale" ndi "mukadandiyankha dzulo". Zokwanira ndi izi: "Ahedi, ndimati ndimveko za nkhani ija, poti galimoto ndiyenera kupangana nayo lero." Chifukwa chofulumirira chaikidwa pa galimoto, osati pa kuchedwa kwawo.

Pa foni, ndi pabwalo la mfumu

Uthenga wa pa foni umachotsa zonse zimene zimathandiza mneni: kugwada kapena kuwerama pang'ono, kuomba m'manja, kutsitsa mawu. Zimene zatsala ndi malemba okha, ndipo taona kale kuti malembawo sasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Choncho polemba ndi bwino kusankha mitundu imene singamveke pawiri. "Ngati n'kotheka" ndi "mungandiloleko" ndi otetezeka. "Mukadandilola" ndi "mukandisainira" asiyireni pakamwa. Moni asadumphidwe ngakhale uthenga ukhale waufupi, ndipo kudula mawu monga achinyamata amachitira polemberana kumafafaniza ulemu wonse umene mneni wanyamula.

Kwa mfumu zinthu zimapita patsogolo pang'ono. Kumeneko ngakhale "inu" amatha kuoneka woyandikira kwambiri, ndipo wopempha amalankhula ngati mfumuyo ndi munthu wachitatu: "Timati agogo atiganizireko pa nkhani ya malo a dimba." Nthawi zambiri mawuwo sapita okha kwa mfumu. Amadzera kwa nduna kapena kwa nyakwawa, amene amawabwereza mokonza. Mkamwini kwa apongozi ake amachitanso chimodzimodzi, kudzera kwa ankhoswe pa nkhani zikuluzikulu. Kudzera mwa wina ndi kufewetsa kwa mtundu womwewo, kungoti kwachoka m'mneni n'kulowa m'anthu.

Zimene anthu sagwirizanapo

Funso loyamba ndi la "ndikadakonda". Ena amati ndi Chichewa chenicheni, popeza -kada- ndi wathu kuyambira kale. Ena amati kumugwiritsa ntchito popempha kudabwera ndi makalata a m'maofesi ndi anthu ophunzira Chingerezi, ndipo agogo akumudzi amangoti "ndimati". Mukamvetsera pamsika wa Lizulu ndi pamsonkhano wa aphunzitsi, mudzaona kuti mawuwa amamveka kwambiri kumsonkhanoko. Kodi ndiye kuti ndi obwereka, kapena angokhala a malo ena ake?

Funso lachiwiri ndi lakuti kodi pempho lililonse ndi katundu kwa wopemphedwa. Maganizo a Brown ndi Levinson amayambira pamenepo, koma katswiri wina wa ku Nigeria, Onuigbo Nwoye, polemba za Aigbo mu 1992, adatsutsa zimenezi ponena kuti m'madera momwe anthu amadalirana, kupempha si kusokoneza munthu. Kwathu kuno mbali zonse ziwiri zimaoneka. Mwana wa mlongo akati "amalume, mundilipirire fizi" mosazungulira, ena amati ndi mwano, pamene ena amati kuzungulira kukadasonyeza kuti akuwatenga amalume ake ngati mlendo.

Funso lachitatu likukhudza ntchito zimene kuchedwa kumapweteka. Namwino akaona kuti dokotala walemba mulingo wolakwika wa mankhwala, kapena kondakitala akaona kuti dalaivala akuthamanga kwambiri potsika Golomoti, kodi ayambe ndi "ndimati mwina"? Ena amati pamenepo mawu olunjika ndiwo ulemu weniweni. Ena amayankha kuti wamkulu wochititsidwa manyazi pagulu amaumirira pa cholakwa chake, ndiye kufewetsa ndi kumene kumapulumutsa msanga.

Ndipo pali nkhani ya mabwana achinyamata. Masiku ano si zachilendo kupeza woyang'anira wa zaka 28 akutsogolera mlonda kapena mthenga wa zaka 60. Udindo ukuti wachikulireyo ndiye afewetse, msinkhu ukuti wachinyamatayo ndiye afewetse. M'maofesi ambiri onse awiri amangoti "mungandithandizeko" kwa wina ndi mnzake, koma pali achikulire amene amaona kuti kupemphedwa motero ndi bwana wawo n'kuwanyoza mochenjera, ndiponso achinyamata amene amaona kuti akafewetsa kwambiri ntchito sigwirika.